Kampata Kamodzi, Mayankho Awiri: Zimene Ndaona Pophunzitsa Aperekezi ku Gaborone

Mphunzitsi aliyense wa Chingerezi amaudziwa mtundu wa funso limene mumachotsa liwu limodzi m'chiganizo n'kusiya kampata koti wophunzira adzazemo. Mwa mafunso onse a mtunduwu, amene amadya malikisi ambiri m'kalasi mwanga kuno ku Gaborone ndi aja ofuna mperekezi wobwera pambuyo pa mneni kapena mfotokozi. Mwana amene amalemba chimangirizo chogwira mtima amagwa pa timawu ta zilembo ziwiri kapena zitatu: *of*, *at*, *on*, *to*, *for*. Ndipo sikuti anawa Chingerezi amachimva mwa apo ndi apo. Ndondomeko ya maphunziro ya Botswana ya mu 1994 inati ana ayambe kuphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 2, pamene ambiri a ife kwathu ku Malawi tinayamba mu Sitandade 5. Komabe zolakwa zimene ndimazichonga kuno ndi zomwezo zimene ndinkazichonga kumudzi, mwina kusiyana kwake n'kalembedwe ka dzanja basi.

Chifukwa chake chinayamba kuoneka nditayamba kumva Chitswana pang'ono. Ife tili ndi kaliwu kamodzi, *ndi*, kamene kamagwira ntchito zambirimbiri. Timati kufanana ndi, kusiyana ndi, kugwirizana ndi, kukwatiwa ndi. Atswana nawo ali ndi *le*: amati *go tshwana le*, *go farologana le*, *go dumalana le*. Tsono mwana akaphunzira koyamba kuti *ndi* kapena *le* m'Chingerezi ndi *with*, amanyamula *with* ameneyo n'kumamuika paliponse. N'chifukwa chake pa mapepala a ana a ku Mogoditshane ndi a ku Mchinji omwe mumapeza *similar with*, *different with*, *married with*. Chingerezi pamalo atatu amenewa chimafuna *similar to*, *different from*, *married to*. Chosokoneza n'chakuti nthawi zina kumasulirako kumayenda bwino, monga pa *agree with*, ndiye mwanayo amakhulupirira kuti njira yake ndi yolondola, koma mphunzitsi ndiye wankhanza.

Palinso gwero lina. Zimene Chingerezi chimachita ndi mperekezi, ife timazichita m'kati mwa mneni mwenimwenimo. Timati kuphika, kenako kuphikira mwana. Mtswana amati *go ema*, kuima, ndipo *go emela* ndiye kudikira munthu. Palibe kaliwu kapadera koimira *for*. Motero wophunzira amalemba *wait me* ndi *listen the teacher* osamva kuti pasowa kanthu. Akadzudzulidwa kangapo amapitirira muyeso, n'kuyamba kuthira aperekezi pamene sakufunika: *request for a pen*, *enter into the room*, *discuss about the match*. Womalizayu ndi wouma mutu kwambiri chifukwa ife timakambirana *za* nkhani, Atswana amati *go buisana ka*, ndipo akuluakulu ambiri ophunzira bwino m'chigawo chino amanena *discuss about* pamisonkhano popanda wowadzudzula. Ine ana sindiwauza kuti akuluwo sadziwa Chingerezi. Ndimawauza kuti wochonga mayeso sadzavomera, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Mabuku ambiri obwerezera amathetsa vutoli popereka mndandanda wautali: *afraid of*, *fond of*, *keen on*, *interested in*, mpaka masamba atatu. Mndandanda uli ndi ntchito yake, pakuti mawu ena alidi ndi mperekezi mmodzi yekha ndipo palibe chifukwa chimene mungafotokoze. *Depend* amayenda ndi *on*, basi, lowezani. Koma mawu amene olemba mayeso amawakonda kwambiri si amenewo. Amakonda mawu amene ali ndi aperekezi awiri kapena atatu, pomwe woyenera amadziwika ndi liwu limene lili kutsogolo kwa kampata, osati kumbuyo kwake. Mwana woloweza mndandanda amayang'ana kumanzere kokha. Akaona *angry* dzanja lalemba kale *with* asanawerenge kuti chotsatira ndi munthu kapena chinthu.

Nayi ndime imene ndinalembera kalasi langa la Fomu 3, lomwe kuno ndi chaka cholemba mayeso a JCE. Ndinaika nkhaniyo pa siteshoni ya mabasi ya mu Gaborone kuti pasakhale liwu lachilendo lowasokoneza.

*Neo was angry (1) ___ her brother (2) ___ missing the bus to Francistown. She had waited (3) ___ him (4) ___ the bus rank for an hour. He apologised (5) ___ her (6) ___ being late and blamed the delay (7) ___ the traffic.*

Tisanadzaze kalikonse, ndimawauza ajambule mzere kunsi kwa liwu limene likulamulira kampata kalikonse, kenako azinge liwu limene likutsatira n'kulemba pamwamba pake chilembo chimodzi: M ngati ndi munthu, C ngati ndi chinthu kapena chochitika. Ntchitoyi imatenga mphindi ziwiri, ndipo ana ofulumira amadana nayo.

Pa kampata koyamba wolamulira ndi *angry*, chotsatira ndi *her brother*, munthu, ndiye yankho ndi *with*. Pa kachiwiri ana ambiri amasochera chifukwa amafunafuna wolamulira pafupi, n'kupeza *brother*, dzina limene silikufuna mperekezi aliyense. Wolamulira akadali *angry* yemwe uja, ali mawu anayi kumbuyo. Chotsatira ndi *missing*, chimene mchimweneyo analakwa, ndipo munthu akatchulidwa kale cholakwa chake chimabwera ndi *for*. Tikanachotsa mchimweneyo, chiganizo chikanakhala *angry about the delay*. Apa mwana amaona ndi maso ake kuti mfotokozi mmodzi ali ndi zitseko zitatu.

Kachitatu n'kosavuta kwa amene anaphunzira *wait for*. Kachinayi ndinakaika dala ngati msampha. Mperekezi wa pamenepo sakulamulidwa ndi *waited* ayi, akungosonyeza malo, *at the bus rank*, monga ife timanenera "pa siteshoni". Njira yoyesera ndi iyi: sinthani mneni muone ngati mperekezi asinthe. Mukati *she sat at the bus rank* kapena *she slept at the bus rank*, *at* sakusuntha, ndiye kuti ndi wa malowo. Koma mukati *she looked ___ him* kapena *she spoke ___ him*, *for* uja sakhalanso bwino pa tanthauzo lomwelo, ndiye kuti anali wa mneni. Ana akagwira kusiyana kumeneku theka la chisokonezo limatha, chifukwa aperekezi a malo ndi nthawi amatha kuwalingalira, pamene a mneni ndi mfotokozi amafuna kuwadziwa pamodzi ndi mwini wake.

Kachisanu ndi kachisanu n'chimodzi timatsata M ndi C: *apologise to* munthu, *for* chinthu. M'Chichewa timangoti "anamupepesa", wopepesedwayo ali m'kati mwa mneni, ndiye musadabwe ana akasiya kampata kachisanu kopanda kanthu poganiza kuti mwalakwitsa potayipa.

Komaliza ndi kamene ndimakakonda. Pafupifupi kalasi lonse linalemba *for*, chifukwa onse analoweza *blame for*. Ndipo *blame for* ndi wolondola pamene wodzudzulidwa ali patsogolo: *he blamed the traffic for the delay*. Koma m'ndime yathu chimene chili patsogolo ndi vutolo, *the delay*, ndipo wosenzetsedwa mlandu akubwera pambuyo, ndiye yankho ndi *on*. Mtsikana wina amene amakhala kumbuyo anakweza dzanja n'kunena kuti ndi *for* chiganizocho chikutanthauza kuti kuchedwa ndiko kunadzaza magalimoto mumsewu. Anzake anaseka, koma anali atafotokoza bwino kuposa buku. Yankho lolakwikalo silinali losamveka, linangotembenuza amene walakwa. Kuyambira pamenepo ndimawapempha kuti akadzaza kampata kovuta, anene tanthauzo la chiganizocho m'Chitswana kapena m'chiyankhulo chawo cha kunyumba, osati kuti apezemo mperekezi, koma kuti amve ngati nkhaniyo idakali yanzeru.

Pochonga, mtundu wa cholakwa umakuuzani mankhwala ake. Pepala lodzaza *with* ndi la mwana amene akumasulira m'mutu. Ameneyo amafunika kuona *ndi* kapena *le* wake atayalidwa pabolodi pambali pa *to*, *from* ndi *with*, kuti aone yekha kuti mmodzi wagawika patatu. Pepala lokhala ndi *blame for* ndi *angry with* paliponse ndi la woloweza. Ameneyo amafunika ziganizo ziwiriziwiri zosiyana liwu limodzi, monga *good at football* ndi *good for your teeth*. Mipata yosiyidwa kawirikawiri si ulesi. Mwanayo sakumva kuti pakusowa kanthu, ndipo kumukalipira sikungamutsegule makutu. M'kope mwawo sindilola kulemba *apologise to* yekha. Alembe *apologise to somebody for something*, chimango chonse, ndi chiganizo chimodzi cha moyo wawo pansi pake.

Tsono pali mbali imene ikukhudza ife olemba mafunso. Pa kampata koyamba kaja ana awiri analemba *at*. *Angry at her brother* ndi Chingerezi chabwino, chofala makamaka ku Amereka, ndipo anawa amachimva tsiku ndi tsiku m'mafilimu ndi pa foni. Ndinawapatsa malikisi awo. N'chimodzimodzi *different to*, amene a ku Britain amamunena kwambiri, ndi *different than* wa ku Amereka. Mphunzitsi amene pepala lake la mayankho lili ndi liwu limodzi pa kampata kalikonse adzalanda mwana malikisi pa yankho lolondola, ndipo mwana woteroyo amasiya kukhulupirira khutu lake, lomwe ndi chida chokhacho chimene adzalowe nacho m'chipinda cha mayeso. Choncho ndisanapereke ndime, ndimapempha mphunzitsi mnzanga aidzaze osaona mayankho anga. Pamene tasiyana timatsegula dikishonale ya ophunzira, monga ya Oxford kapena ya Longman, imene imasonyeza aperekezi oyenda ndi liwu lililonse. Ngati onse awiri alimo, ndimavomera onse kapena ndimasintha chiganizocho kuti chitseko chitsale chimodzi.

Njira ya M ndi C ili ndi malire ake. Siithandiza pa *depend on* kapena *consist of*, ndipo imagwa pa *good with children* ndi *good to children*, pomwe onse awiri akutsatidwa ndi anthu koma woyamba akunena za luso losamalira ana, wachiwiri za kuwakomera mtima. Pamenepo chimene chimasankha ndi chiganizo chapatsogolo kapena cham'mbuyo, n'chifukwa chake ndinasiya kupereka ziganizo zoimaima pazokha n'kuyamba kulemba ndime zokhala ndi nkhani. Ndime ya mlungu wamawa ili ndi *agree* katatu: *with* mphunzitsi, *to* pempho la makolo, ndi *on* tsiku la ulendo wokwera phiri la Kgale.