Nyemba za Amayi zinawola m'manja mwanga

Kunali kumayambiriro kwa Novembala, chizimalupsa atagwa kale, pamene ndinapita kumudzi kwathu ku Bembeke, ku Dedza, ndalama ya feteleza ili m'chikwama. Ndalamayo inali yowerengeka. Kutapako yogulira mbewu, ndiye kuti thumba limodzi la feteleza lachoka. Nditafunsa za mbewu, Amayi anangoloza kuchipinda.

Mbewu yake inali iwiri. Choyamba chinali chimanga cha haibulidi chogula kusitolo chaka chatha, chomwe chinatsala chifukwa Amayi anadwala munda usanathe kudzalidwa. Pepala lake linali lotsegula, lomangidwa pakamwa ndi kachingwe, ndipo linakhala chaka chathunthu pamwamba pa khoma, pafupi ndi malata. China chinali nyemba za nanyati m'chigubu, zokolola dzinja la dzana, mtundu womwe Amayi akuti anatengera kwa agogo.

"Mbewutu iyi ndi yakale, Amayi. Imera?"

Anatenga njere imodzi n'kuiluma, inalira kuti khwa. "Wamva? Youma bwinobwino. Iwe zakutauni zakulowa."

Dzino limadziwa kuuma kokha. Njere yakufa nayo imalira chimodzimodzi. Mkati mwa njere muli kamtima kamoyo, ndipo kamafooka pang'onopang'ono ndi kutentha komanso chinyezi, kunja kukuonekabe kosalala. Pansi pa malata m'mwezi wa Okutobala, inu mukudziwa mmene pamakhalira. Koma kutsutsana ndi kholo sindinaphunzire, choncho ndinangopempha chitenje chakutha, n'kuchita zomwe ndinaona mlangizi akuchita zaka zapitazo.

Ndinaching'amba pawiri, n'kuchapa zidutswazo. Kenako ndinawerenga njere 100 za chimanga ndi 100 za nyemba. Apa pali kachinyengo komwe dzanja limachita lokha: limathamangira njere zazikulu, zokongola, zapamwamba. Ndinakhuthulira mbewuyo m'lichero, n'kusakaniza, n'kutapa osayang'ana, chifukwa tsiku lodzala sitidzasankha imodziimodzi. Ndinanyowetsa nsalu, n'kuyala njere mizere 10, mzere uliwonse njere 10, motalikirana ngati kukula kwa chala kuti yowola isapatsire inzake. Ndinapindira mbali yotsala ya nsaluyo pamwamba, n'kukulunga ngati mphasa, n'kumanga mofewa nsonga zonse ziwiri. Mipukutu iwiriyo ndinaiika m'jumbo, pakamwa osatseka kwenikweni, n'kuika pakona m'nyumba, posafika dzuwa, poti mbewa ndi nkhuku sizingafike.

Tsiku lachinayi ndinatsegula wa nyemba. Fungo lake linathamangitsa mdzukulu wa Amayi yemwe anabwera kudzaonerera. Nyemba zinali phalaphala, zoterera, zina zitachita chuku.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anati, chapansipansi, "Basi mbewu ya mayi anga yatha." Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chinandiletsa ndi madzi omwe ndinaona atadekha pansi pa jumbo. Nsalu ya nyembayo sindinaifinye, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaithirira ndi kapu ngati ndiwo za kudimba. Njere yomera imapuma. Mukaimiza m'madzi imabanika n'kuwola, ndipo nyemba siichedwa kutero poyerekeza ndi chimanga. Chizindikiro chake n'chakuti zimawola pafupifupi zonse nthawi imodzi, nsalu ili chonyowa chodontha. Nyembazo sizinafere m'chigubu ayi, ndinazipha ndine.

Ndinayambiranso ndi nsalu ina. Ulendo uno ndinaifinya mpaka dontho losatuluka, yongozizira m'manja. Tsiku lililonse ndinkaigwira, ikayamba kuuma ndinkawaza madzi ndi zala basi.

Chimanga chimawerengedwa komaliza pa tsiku la 7, nyemba pa tsiku la 9. Kuzizira kukakhalapo zimachedwerako, n'chifukwa chake mpukutu sufuna pasimenti pozizira. Pa tsiku la 7 tinayala mpukutu wa chimanga pamkeka, ndipo mkangano unabuka pomwepo. Amayi ankawerenga njere iliyonse yomwe yatulutsa kanthu koyera, anapeza 74. Ine ndinkawerenga zokhazo zomwe zatulutsa zonse ziwiri, muzu wautali woyera ndi mphukira yowongoka, ndinapeza 58. Zotsalazo zina zinali ndi kamuzu kafupi kakuda kunsonga, zina muzu wopanda mphukira, zina mphukira yopiringizika.

"Nanga izi si zamoyo?" anafunsa.

Zamoyo inde. Koma pansalu palibe dothi lozipsinja. Njere yomwe yalephera kuimika mphukira pamalo ofewa chonchi, singaboole nthaka yomwe mvula yaimenya n'kuuma pamwamba. Nambala ya pansalu ndiyo yapamwamba penipeni, kumunda imatsika, siikwera.

Tsono 58 ikutanthauzanji pamunda wathu? Amayi amadzala mwa Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Njira imeneyi imadalira kuti njere iliyonse imere. Ndi mbewu yathuyi, pa mapando 10 alionse, anayi akanakhala opanda kanthu. Ena amati tidzapakiza, koma chimanga chopakiza pakatha sabata ziwiri chimakulira mumthunzi wa anzake, chimangoonda. Kuika njere ziwiri paphando ndinawerengeranso: mbewuyo ikanathera theka la munda, ndipo paphando limodzi mwa asanu kapena asanu ndi limodzi zonse ziwiri zikanakanabe. Feteleza yemwe ndinkamuumirira uja akanagwera pamipata. Ndinawauza Amayi kuti chimanga tigule chatsopano, ngakhale feteleza achepe. Ekala imodzi imadya makilogalamu 10 a mbewu. Anadandaula, koma njere 42 zolephera zinali poyera pamkeka, ndipo anaziwerenga okha kawiri.

Chakalecho sitinachipereke kwa nkhuku kapena kupita nacho kuchigayo. Utoto womwe umakhala pa mbewu yogula umasonyeza kuti inathiridwa mankhwala. Nsalu yake sinabwererenso kukhitchini, ndipo ndinasamba m'manja ndi sopo.

Nyemba zinakwanitsa masiku ake patapita masiku ena asanu ndi limodzi. Ndinamasula mpukutu mtima uli m'mwamba, poti mawu aja a tsiku lachinayi anali asanandichoke. Mizu inali italowerera mu ulusi wa nsalu, ina kuchita kuboola. Zomera bwino zinali 72. Mwa zolepherazo, zambiri zinali ndi timabowo ta anankafumbwe, zina zinatupa n'kufewa, ndipo zingapo zinatsegula mbali zake ziwiri koma pakati popanda timasamba. Zoterozo kawirikawiri zimakhala kuti zinavulala mkati pomenya ndi ndodo zitauma kwambiri.

Nambala ya 72 si yonyaditsa, koma nyemba zinali zambiri m'chigubu, ndipo mtundu umenewu, wochokera m'manja mwa agogo, sitikanaupeza kusitolo. Masamu ake ndi apafupi: 100 kugawa ndi 72 imapereka pafupifupi 1.4, ndiye kuti pomwe Amayi amaponya njere 10, chaka chino aponye 14. Tinakhalanso pansi madzulo awiri kusankha, kuchotsa zoboola, zokwinyika ndi zosweka, ntchito yomwe imakweza nambala ija popanda kulipira kanthu. Nsalu siinena chilichonse za matenda omwe mbewu ingatengere kumunda, choncho zamawanga tinazichotsanso.

Ndinabwerera kutauni mvula isanagwe. Kumayambiriro kwa Disembala foni inalira m'mamawa, ndili pokwerera minibasi. Anali Amayi, pafoni ya mlongo wanga. Moni sanapereke n'komwe.

"Nyemba zija zatuluka. Koma iwe, chitenje chinanso uli nacho? Amake Junior pano akuti mtedza wawo sakuukhulupirira."