Katoni yofika dzulo ikhoza kukhala yoyamba kutuluka

Ambiri mwa ife amene timagwira nchito m'mashopu a mankhwala m'makomboni a Lusaka tinakula ndi lamulo la kunyumba lakuti unga wakale uyambe watha, thumba latsopano lidikire. Pa unga wa panyumba lamuloli ndi labwino. Koma pa shelufu ya mankhwala limatha kutidyera ndalama, chifukwa tsiku limene katoni inalowa pakhomo la shopu silitiuza tsiku limene mankhwalawo adzathere mphamvu. Katoni ikhoza kufika dzulo itagona kale miyezi yambiri ku holoselo. Ndiye ife timafunsa kuti ndi iti idzayamba kutha mphamvu, ndipo imeneyo ndiyo imayamba kutuluka. Pa kompyuta ya sitoko njira imeneyi imalembedwa kuti `FEFO`.

Kuti njirayi igwire, timawerenga katundu malinga ndi bachi. Bachi ndi mankhwala amene anapangidwa pamodzi ku fakitale, nthawi imodzi, ndipo onse amakhala ndi nambala imodzi ndi tsiku limodzi lothera mphamvu. Pa botolo nambalayo imakhala pafupi ndi zilembo `BN` kapena `LOT`, ndipo tsikulo limakhala pafupi ndi `EXP`. Akalemba mwezi ndi chaka chabe, monga `EXP 08/2026`, mankhwalawo amafika mpaka tsiku lomaliza la mweziwo, pa 31 Ogasiti. Khadi la sitoko limene limangokamba kuti "parasetamo wa ana, mabotolo 160" silitithandiza kwenikweni. Bachi iliyonse imafunika mzere wake, wokhala ndi nambala, tsiku lothera ndi mabotolo otsala.

Tinene kuti lero ndi pa 1 Juni 2026, ndipo mabotolo 160 aja ali m'mabachi awiri. Bachi yoyamba inafika mu Febuluwale, yatsala ndi mabotolo 60, ndipo idzatha mphamvu mu Disembala 2027. Yachiwiri inafika mu Meyi, ili ndi mabotolo 100, inali yotchipa, koma idzatha mphamvu mu Ogasiti 2026. Shopu imagulitsa mabotolo 30 pamwezi. Botolo la mwana silitha tsiku limodzi. Mayi amamupatsa masiku awiri kapena atatu, n'kusunga lotsalalo kuti thupi likadzatenthanso adzamupatse. Chifukwa cha ichi, shopu yathu ya m'chitsanzo imaleka kugulitsa botolo likatsala ndi mwezi umodzi. Ndiye kuti bachi ya mu Meyi ili ndi miyezi iwiri chabe yogulitsira, Juni ndi Julayi.

Tikatsata lamulo la unga lija, mu Juni ndi Julayi tigulitsa mabotolo 60 a mu Febuluwale, amene akanatha kudikira chaka china ndi theka. Pofika pa 1 Ogasiti mabotolo 100 onse a mu Meyi adzakhala akali m'katoni, osagulitsika. Ngati botolo limodzi tinaligula K15, tataya K1,500. Tikayamba ndi bachi ya mu Meyi, tigulitsa 60 m'miyezi iwiriyo, kutsale 40, ndipo ndalama yotayika itsika kufika pa K600. Mabotolo a mu Febuluwale adzatuluka bwinobwino mu Ogasiti ndi Seputembala.

Mabotolo 40 otsalawo akutiphunzitsa pamene njirayi imalekezera. Kusanja bwino shelufu sikuchulukitsa makasitomala. Mabotolo aja anatayika tsiku limene katoni inalandiridwa, chifukwa mu Meyi zinali zotheka kuona kuti mabotolo 100 sangathe isanakwane nthawi. Ndiye chifukwa chake tisanasaine pepala la wobweretsa katundu timachita kasamu kakang'ono. Timawerenga miyezi yogulitsira imene yatsala, n'kuchulukitsa ndi zimene timagulitsa pamwezi. Miyezi iwiri kuchulukitsa ndi 30 ndi 60. Zopitirira apo timabweza nthawi yomweyo, kapena timagwirizana polemba kuti holoselo idzatisinthira zotsala. Mtengo wotsika umakoma pa tsiku looda, koma ngati mwa mabotolo 100 tigulitsa 60 okha, botolo lililonse logulitsidwa latidyera K25, osati K15.

Pa shelufu nchito yake ndi ya manja, ndipo ndi pamene ulesi umatiyesa. Katundu akafika madzulo, kutsogolo kuli mzere wa anthu, dzanja limafuna kungokankhira mabotolo atsopano pamene pali malo. Ife timatsitsa mzere wonse, n'kuwerenga tsiku pa bachi iliyonse, n'kuika yoyamba kutha kutsogolo, pomwe dzanja limafika munthu osaganiza. Pa katoni timalemba mwezi ndi chaka ndi cholembera chachikulu, mbali yoonekera, chifukwa zilembo za ku fakitale zimakhala zing'onozing'ono ndipo nthawi zina zimayang'ana kukhoma. Mabachi awiri sitiwasakaniza m'katoni imodzi, ngakhale kwatsala mabotolo atatu okha ndipo malo ndi ochepa. Katoni yosakaniza imanama, chifukwa kunja kwalembedwa tsiku limodzi pomwe mkati muli masiku awiri.

Kompyuta ikhoza kusankha bachi yoyenera, koma siona chimene dzanja latenga. Ichi ndicho chifukwa kuwerenga kwa kumapeto kwa mwezi timakuchita bachi ndi bachi. M'chitsanzo chathu, pa 30 Juni khadi liyenera kuonetsa 70 pa bachi ya mu Meyi ndi 60 pa ya mu Febuluwale, zonse pamodzi 130. Tikawerenga pa shelufu n'kupeza 85 ndi 45, kuphatikiza kukupatsabe 130, ndipo wowerenga zonse pamodzi anganene kuti zili bwino. Koma manambala awiriwo akutiuza kuti mabotolo 15 anatengedwa ku bachi yolakwika. Mwina wina wa madzulo akutenga kumbuyo, mwina katoni inasunthidwa posesa. Tikaona zimenezi mu Juni, tikali ndi Julayi yense woti tikonze. Tikadzaona mu Ogasiti, mabotolo otayika adzakhala 55 kapena kuposa.

Mzere wa bachi umatithandizanso tsiku limene bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala muno mu Zambia, lalengeza kuti mankhwala ena achotsedwe pa msika. Chilengezo chotere nthawi zambiri chimatchula nambala za mabachi okhudzidwa. Shopu yolemba mabachi imangotsegula khadi, n'kudziwa ngati bachiyo inalowapo, mabotolo angati anatuluka ndi angati akali pa shelufu. Shopu yosalemba imayenera kutembenuza botolo lililonse, ndipo za amene anagulitsidwa kale siingadziwe.

Chiyeso chachikulu chimabwera pa mabotolo 40 aja. M'mashopu ena katundu akatayika mabwana amafuna kudula malipiro a wogulitsa, ndipo wachinyamata amene akudikira ya lendi amayamba kuganiza zotsitsa mtengo kuti botolo lipite ngakhale latsala ndi masiku atatu. Amene adzamwe ndi mwana wa munthu amene anatikhulupirira osayang'ana n'komwe pa botolo. Fakitale imalonjeza mphamvu ya mankhwala mpaka tsiku lolembedwalo, ndipo ngakhale apo ndi pokhapokha asungidwa monga akunenera pa bokosi. Botolo limene nthawi yake yakwana timalichotsa pa shelufu, timalilemba pa khadi, timaliika m'bokosi lakelake lotseka, kutali ndi zogulitsa, kudikira kubwezedwa kapena kuwonongedwa motsata malamulo. Tikapita kukakamba ndi abwana za K600 ija timanyamula khadi, chifukwa limaonetsa tsiku limene katoni inafika, miyezi imene inali itatsala ndi mabotolo amene shopu imatha kugulitsa. Ndi khadi lomwelo timapempha kuti pa oda yotsatira aziyamba afunsa tsiku lothera asanafunse mtengo.