Mwathetsa pa 4, koma ku banki kwachoka ndalama

Munthu ali ku Los Angeles, amalipira zoonera mafilimu mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lolipira ndi pa 5 Januwale. Akuthetsa pa 4, nthawi ili 6 koloko madzulo, mtima uli m'malo. M'mawa akupeza ndalama zachoka.

Nkhani yagona pa wotchi. Makina ambiri otolera ndalama amayendera nthawi ya UTC, osati ya pafoni yanu. M'Januwale, Los Angeles imatsalira ndi maola 8, ndiye kwa makinawo pa 5 padakwana nthawi ili 4 koloko masana a pa 4 ku Los Angeles. Mkuluyu wachedwa ndi maola awiri.

Ife a ku Lilongwe ndi Lusaka tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, choncho wotchi imatikomera. Chimatigwira ndi china, malire a nthawi yothetsera. Apple imalangiza kuthetsa nthawi yoyeserera yaulere kusanatsale maola 24, apo ayi ikhoza kukutengerani ndalama. Makampani ena nawonso amayamba kutolera tsiku lisanafike. Amazilembadi, koma m'timalemba ting'onoting'ono tija, ndipo ine ndimaona ngati n'kuchenjera.

Musanakalipe, yang'anani ku banki. Ngati palembedwa `pending`, mwina ndalamazo zidagwidwa musanathetse, zangochedwa kuoneka. Yerekezani nthawi ya pa imelo yotsimikizira kuthetsa ndi ya pa lisiti, zonse muziike mu UTC. Kukakhala kuti kuthetsa ndiko kudayamba, muli ndi poyambira popempha kuti akubwezereni.