Kalata ya pa 29 Seputembala

Atate anga anasunga kalata yawo yochotsedwa ntchito m'Baibulo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Anailandira m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya Chiluba, pamene makampani a boma anali kugulitsidwa. Inali ya mizere isanu. Inawathokoza kawiri, koma za ndalama inangoti adzalipidwa nthawi ikakwana. Mawu amenewo anatidyetsa delele lopanda mchere zaka zitatu, chifukwa atate sanafune kuchoka m'tauni kupita kumunda, poopa kuti ndalama zingatuluke iwo kulibe.

Ndinakumbukira kalata ija mu Ogasiti 2023, pamene mabwana a ku Lusaka anaganiza zotseka imodzi mwa nyumba zathu zosungiramo katundu kuno ku Chipata. Kampani yathu imagula nshawa ndi soya kwa alimi, ndipo ine ndine wa muofesi. Anthu anayi anayenera kuchoka. Mmodzi mwa iwo anali mdala woyang'anira sikelo ndi matumba, amene anandiphunzitsa kuzindikira nshawa zosauma pongogwedeza chikhatho chimodzi pafupi ndi khutu. Ine ndimawaitana atate, iwo amati mwana wanga. Ntchito yolemba kalata yawo inagwera ine.

Chitsanzo chimene anatumiza kuchokera ku likulu chinali mphwake wa kalata ya m'Baibulo ija: chisoni chambiri, tsiku palibe, chiwerengero palibe. Ndinachiika pambali n'kutsegula lamulo la ntchito la mu 2019, Employment Code Act. Pa munthu amene ntchito yake yatha osati chifukwa cholakwa, lamuloli limanena masiku momveka. Ofesi ya leba iyenera kudziwitsidwa masiku osachepera 60 ntchito isanathe, ndipo wantchito mwiniyo, kapena omuimira, masiku osachepera 30. Pamafunikanso kukhala pansi ndi kukambirana ngati pali njira yopulumutsira ena. Ku leba tinali titalemba kale kumapeto kwa Ogasiti, ndipo anayi aja tinali titakumana nawo kawiri. Choncho kalata sinali yoti iwadzidzimutse. Inali yoti iwapatse choti agwire m'manja.

Ndime yoyamba ndinailemba kasanu. Poyamba ndinazungulira ndi mitengo ya soya ndi kugwa kwa kwacha, koma ndinaona kuti munthu akuwerenga zimenezo mtima uli m'mwamba, akufunafuna pamene pali mpeni. Ndiye ndinayamba ndi mpeniwo: "Tikukudziwitsani kuti udindo wanu wa woyang'anira sikelo ukutha chifukwa nyumba yosungiramo katundu ikutsekedwa. Tsiku lanu lomaliza kugwira ntchito ndi Lachiwiri, pa 31 Okutobala 2023. Simunalakwe chilichonse, ndipo kalatayi si chilango." Chiganizo chomalizacho bwana wina anafuna kuchichotsa, ati n'chosafunika. Ndinakana. Kalata yotere siwerengedwa ndi munthu mmodzi. Imafika kwa mkazi, kwa mwana wa sukulu amene amamasulira, kwa bwana wina wofuna kulemba munthu ntchito, ndipo onsewo funso lawo loyamba ndi lakuti, kodi anaba?

Kenako ndalama, mzere uliwonse pawokha ndi masamu ake poyera. Malipiro awo enieni, osaphatikiza za nyumba, za mayendedwe ndi za chakudya, anali K3,000 pamwezi. Zonse pamodzi K3,900. Lamulo limati wochotsedwa motere alandire malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira, ndipo ife tinawerengera pa K3,000 ija. Fayilo inasonyeza kuti anayamba pa 1 Febuluwale 2018, ndipo pepala lochokera ku likulu linawerenga zaka zathunthu zisanu: K30,000. Masiku a livu amene sanapite anali 18, kuphatikiza awiri a mwezi wa Okutobala umene anali asanaugwire, 20. Awiri amenewo ndi amene amaiwalika kawirikawiri, chifukwa wolemba amayang'ana buku la livu pa tsiku lolemba kalata osati pa tsiku lomaliza. Livu imawerengedwa potenga malipiro onse a mwezi, kuchulukitsa ndi masikuwo, n'kugawa ndi 26. Zinatuluka K3,000. Mzere wachitatu unali malipiro a Okutobala, K3,900. Pansi pake ndinalemba zochotsa, chilichonse ndi dzina lake: msonkho, NAPSA, NHIMA, ndi K1,500 imene anakongola pa maliro a mlongo wawo. Ngongoleyo ndinachita nayo manyazi kuilemba, koma kuibisa kukanakhala nkhanza yoposa, kuti akaione ikusowa ali pa mzere ku banki.

Nkhondo yeniyeni inali pa tsiku lolipira. Likulu silinafune kudzimanga, ati ogula sanatilipire. Ndinawawerengera pa foni zimene lamulo limanena: ndalama zimenezi ziyenera kuperekedwa pofika tsiku lomaliza la ntchito, ndipo ngati bwana walephera, apitirize kulipira munthuyo malipiro ake onse mwezi ndi mwezi mpaka atamaliza ngongoleyo. Anthu anayi, mwezi uliwonse, osagwira ntchito. Kunali zii pang'ono, kenako anati lembani 31 Okutobala. Ndinalembanso m'kalatamo zimene zidzachitike tsikulo likaphonyedwa, kuti atate aja adziwe ufulu wawo popanda kufunsa munthu.

Ndinawapatsa kalata Lachisanu pa 29 Seputembala, m'mawa, chitseko chili chotseka. Inali m'Chingelezi, ndipo kumbuyo ndinamata ya Chinyanja. Anawerenga pang'onopang'ono ndi chala. Pa chisoni chathu sanaimepo. Anaima pa tsiku.

"Mwana wanga, Febuluwale uyu wachokera kuti? Ine ndinayamba mvula isanagwe."

Ndime yotsiriza ya kalatayo inati ngati aona tsiku kapena chiwerengero cholakwika, abwere kwa ine pasanafike pa 13 Okutobala. Ndinailemba ngati mwambo chabe, ndikudzikhulupirira kuti masamu anga ali bwino. Lachiwiri lotsatira anabwera ndi pepala lochokera ku ofesi ya NAPSA, losonyeza kuti kampani inayamba kuwaperekera mu Novembala 2017. Fayilo yathu inalemba tsiku limene anawatsimikiza pa ntchito, n'kusiya miyezi itatu yoyesedwa. Kuyambira pa 1 Novembala 2017 mpaka pa 31 Okutobala 2023 ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndendende: K36,000, osati K30,000. Ndikanangolemba chiwerengero chimodzi chonse pamodzi, monga amachitira ambiri, K6,000 imeneyo ikanapita popanda wodziwa, ine ndemwe ndili wokondwa kuti ndalemba kalata yachifundo. Ndinalemba ina yokonza, zonse pamodzi K42,900 tisanachotse zochotsa, ndipo ndinapepesa m'chiganizo chimodzi. Mafayilo a anzawo atatu ndinawayang'ananso usiku womwewo. Imodzi inali ndi vuto lomwelo.

Pamene anali kusaina, ndinaona kuti kumbuyo kwa envulopu yoyamba ija analembako ndi pensulo. Eni nyumba ku Mchini anali atawauza kale kuti atuluka kumapeto kwa Okutobala. Pansi pake panali matumba a feteleza, mbewu, galimoto yonyamula katundu kupita kumudzi ku Chipangali, ndi ndalama za mwana wawo wotsiriza. Chilichonse chinali ndi tsiku lake, ndipo masiku onsewo anatsamira pa tsiku limodzi limene ndinalimbirana pa foni.

Pa 31 Okutobala ndinafika ku ofesi ndisanadye kanthu. Kunali kutentha kwa Okutobala kuja kumene ngakhale phiri la Kanjala limaoneka ngati likufuka. Iwo anabweza makiyi, ine ndinawapatsa satifiketi yosonyeza zaka zimene agwira ndi ntchito imene ankagwira. Tinakhala pa benchi pafupi ndi sikelo, tikukamba za mvula. Foni yawo inalira itangopitirira 15 koloko. Anaichotsa m'thumba, anavala magalasi, natulutsanso kalata ija, n'kuyamba kufananiza manambala mmodzimmodzi.