Kodi Ndi 5 Kapena 6?

Manambala alipo khumi cabe, kuyambira pa 0 mpaka 9, koma ena amafanana ngati ana a mimba imodzi. 1 akavala kacisoti amaoneka ngati 7. 4 akatseka mutu amasanduka 9. 3 akatsekeka kumanzere ndi 8, ndipo 5 akatseka mimba ndi 6. M'mau, cilembo cimodzi cikafufutika anzake amacilankhulira. Mukaona "mph_nzitsi" simufunsa munthu kuti pasowa ciani. Nambala ilibe woilankhulira. 55 ndi 65 onse ndi manambala abwinobwino, koma pa tesiti imodzi ipatsa mwana makisi, ina imumana.

Mu 2024 kolera inacititsa kuti masukulu asatsegulidwe pa 8 Januwale, ndipo tinayamba pa 12 Febuluwale. M'masabata amenewo ndinatumiza tesiti ya masamu pa WhatsApp kwa ana anga a giredi 9, iwo n'kumabweza mayankho pa zithunzi. Ambiri anajambula ndi foni ya makolo, usiku, buku lili pa maondo. Ana athu amalemba timanambala ting'onoting'ono tothinana, cifukwa buku limodzi liyenera kukwana temu yonse. Pamwamba pa izo, WhatsApp imacepetsa cithunzi kuti cisadye bando yambiri, ndipo zoyamba kutayika ndi timizere toonda, monga kacisoti ka 5 ndi kamcira ka 9. Kukulitsa cithunzi ndi zala sikubweza cimene catayika. Mukapitiriza kukulitsa, nambala imasweka kukhala timabokosi totuwa, ndipo maso amayamba kuona cimene mtima ufuna.

Vuto lalikulu lili pamenepo. Tesiti ndinaikonza ndine, conco yankho ndilidziwa. Ngati yankho ndi 65, ciliconse cokhala ndi mimba yozungulira cidzaoneka 6 kwa ine, makamaka ngati mwanayo ndi wakhama. Kudziwa yankho si umboni wa cimene mwana analemba. Ndiye cifukwa cake ndisananene kuti nambala yawerengeka kapena siyinawerengeke, ndimafunsa mboni zitatu: dzanja la mwana, njira yake, ndi pepala lenileni.

Dzanja ndiyo mboni yosavuta. Munthu aliyense ali ndi 7 wake, ndipo samusintha pakati pa tsamba. Mnyamata wina anapeza 4x = 28, pansi pake n'kulemba x = ndi kamtengo kopendama kokhala ndi kamutu. Ndinayang'ana pamene anakopera funso, 4x − 9 = 19, pomwe ndidziwa motsimikiza kuti nambalayo ndi 1. 1 wake ndi kamzere kowongoka, kopanda mutu. Pa deti pamwamba pa tsamba, 1 analinso cimodzimodzi. Conco kamtengo ka mutu kanali 7. Malo abwino ofunafuna dzanja la mwana ndi amenewa: deti, manambala a mafunso m'mbali, ndi zimene wakopera ku funso, cifukwa pamenepo palibe cokaikitsa.

Mboni yaciwiri ndi njira. Nambala ikakhala pakati pa nchito, mzere wotsatira umaiulula. Funso lina linali la kukula kwa thirayango ya tsinde la 14 cm ndi msinkhu wa 9 cm. Mwana wina analemba ½ × 14 × kenako nambala yooneka ngati 9 kapena 4, ndipo yankho lake linali 28. Hafu ya 14 ndi 7. 7 × 9 ndi 63, koma 7 × 4 ndi 28. Apa sindinafunikire kukulitsa cithunzi. Mwina pokopera analemba 9, koma pocita masamu anaiwerenga 4. Dzanja lake linamunamiza iye mwini ndisanafike ine. Ndinamupatsa makisi ya njira cifukwa fomyula anaidziwa, makisi ya yankho n'kumumana.

Njira imathandizanso mwa kufunsa kuti, kodi pali msewu umene ungafikitse mwana pa nambala inayo? Kucoka pa 4x = 28, palibe kulakwitsa kozolowereka kumene kumabala 1. Nambala imodzi ikakhala ndi msewu ndipo inayo ilibe, mlandu watha. Nambala imakhala yokaikitsa zoona pamene zonse ziwiri zili ndi msewu, dzanja silikutsutsa iliyonse, ndipo palibe mzere wina woti ufotokoze. Pa tesiti yonse ija, izi zinacitika kamodzi.

Anali mtsikana wa mu komboni ina kuno ku Lusaka, amene amathandiza amai ake pa kantemba. Funso linapereka thirayango yokhala ndi ngodya ziwiri za mkati, 38° ndi 27°, n'kufunsa ngodya yakunja yoyang'anana nazo. Lamulo lake ndi lakuti ngodya yakunja imalingana ndi ziwirizo mukaziphatikiza, conco yankho ndi 65°. Funsoli linali la mamakisi awiri, imodzi ya njira, ina ya yankho. Iye sanalembe njira. Anangoika yankho kumapeto kwa mzere, pamene tsamba limapindikira ku msana wa buku, ndipo mthunzi wa foni unagwera pomwepo. Nambala yaciwiri inali 5 woonekeratu. Yoyamba inali ndi mimba yotseka ndi kanthu kena kotuwa pamwamba.

Ndinayamba ndi msewu. 8 kuphatikiza 7 ndi 15: ulemba 5, usunga 1. Ukakumbukira 1 uja, 3 ndi 2 ndi 1 zipanga 6, yankho 65. Ukamuiwala, yankho 55. Kuiwala nambala yosunga ndi kulakwitsa kumene ndimakuona temu iliyonse, ngakhale kwa ana anzeru akamawerengera m'mutu. Conco 55 anali ndi msewu wake woongoka ngati 65.

Dzanja nalo silinathandize. Iye amalemba 5 m'magawo awiri, thupi coyamba, kacisoti pambuyo, ndipo akafulumira mimba ya 5 imatsala pang'ono kutseka. 6 wake ndi wa khosi lalifupi. Nambala ija inali ndi theka la uyu ndi theka la uyo.

Mamakisi ake onse anali 19 pa 50, ndipo malire opasira ndinaika pa 20. Ndinali nditauza makolo kuti osafika 20 adzatsalira masana kubwereza nchito sukulu ikatsegulidwa, ndipo masana ndiyo nthawi imene iye amakhala pa kantemba. Kanambala kamodzi kanali kokhudza banja lonse.

Panatsala mboni yacitatu. Sindinamufunse kuti analemba ciani, cifukwa funso lotere limauza mwana kuti pali vuto, ndipo pofika nthawiyo anzake amakhala atamuuza kale yankho. Ndinalembera amai ake kuti: "Amai, cithunzi ca tsamba laciwiri cili ndi mdima. Conde ajambulenso tsamba lonse mawa masana, panja pa mthunzi, buku aligoneke pansi, foni ikhale pamwamba peni-peni. Potumiza asankhe Document, osati Gallery." Cithunzi cotumizidwa ngati Document cimafika osacepetsedwa. Ndinapempha tsamba lonse kuti asadziwe nambala imene ndifuna, ndiponso kuti ndiyerekeze ndi cithunzi coyamba ngati wina wagwirapo ndi bolopeni.

Caciwiri cinafika cowala bwino, ndipo palibe cimene cinasinthidwa. Koma cinaonetsa cinthu cimene mthunzi unabisa: nambalayo inalembedwa kawiri pamalo amodzi. Inali ndi kacisoti ka 5 ndi mimba yotseka ya 6, inki itanenepa. Ganizirani bwino apa. Mwana akalemba 5 n'kukumbukira 1 wosunga, amatseka mimba kuti akhale 6. Akalemba 6 n'kudzikaikira, amaika kacisoti kuti akhale 5. Njira ziwirizi zimasiya cithunzi cimodzimodzi. Sukulu itatsegulidwa ndinaona buku lenilenilo, ndinatembenuza tsamba n'kupapasa kumbuyo pamene bolopeni imadinda. Mizere yonse inali yakuya mofanana. Vuto silinali la foni kapena la mdima. Pepala lenilenilo linali ndi mayankho awiri.

Sindinaconge, ndipo sindinaike mtanda. Ndinazunguliza nambalayo, n'kuikapo cizindikiro ca funso, mamakisi n'kukhala 19. Atabwera kudzaona anati, "Ba ticha, ni 6 iyi, nenze nakonza." Ndinamuuza kuti ndimukhulupirira, koma amene ndimaconga ndi pepala, ndipo pepala silinanene zimenezo. Popeza inali tesiti ya m'kalasi, ndinamupatsa funso lina pomwepo, ngodya za 46° ndi 29°. Analemba 46 + 29, anasunga 1, napeza 75. Za kutsalira masana tinagwirizana ndi amai ake kuti azibwera masiku awiri pa sabata m'malo mwa asanu, cifukwa cimene anafunika kukonza sicinali lamulo la ngodya. Koma 19 ija inakhalabe m'buku langa.

Mwina muona ngati ndi nkhanza. Koma pa mayeso a ECZ woconga sakudziwani, sadziwa kantemba ka amai anu, ndipo sadzakuitanani kuti mufotokoze. Ali ndi pepala lanu cabe ndi mulu wa ena akumudikira. Ndikadamupatsa makisi ija cifukwa comudziwa, akanapita ku mayeso ndi cizolowezi colemba nambala pamwamba pa inzake.

Cimene cimandikhudza kwambiri ndi cakuti makisi imene anasowa inali yosavuta kuposa zonse. Akadalemba cabe 38 + 27 asanaike yankho, akanapeza makisi ya njira n'kufika pa 20, ngakhale nambala ija ikanakhala yosawerengeka. Ndipo akadaika ka 1 kosunga pamwamba pa 3, kakanakhala mboni yoti nambalayo ndi 6. Mzere umodzi umene anaupulumutsa posunga pepala ndi umene ukanamulankhulira.

Conco mukalakwitsa nambala, musaikonze pamwamba pake. Iduleni ndi mzere umodzi, mulembe yatsopano pambali pomwe pali malo. Yankho lomaliza musalipanikize ku msana wa buku. Ndipo madzulo ano tsegulani buku lanu la masamu, mubise mafunso ndi dzanja, mupatse mng'ono wanu awerenge mayankho mokweza. Paliponse pamene adzaima n'kufunsa kuti "iyi ni cani?", dziwani kuti woconga nayenso adzaima pomwepo.