Masupuni 13 m'botolo limodzi



Ramadani yathayi ndinazulitsa dzino. Dokotala atandifunsa chomwe ndimamwa pa futari, ndinachita manyazi: botolo la zoziziritsa kukhosi la 500ml madzulo aliwonse, kumwa pang'onopang'ono mpaka nthawi ya Taraweh. Ndinkati ndi mphotho ya ludzu la kuno ku Phalombe.

Botolo lotere limakhala ndi shuga woposa magalamu 50, omwe ndi masupuni a tiyi pafupifupi 13. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni pafupifupi 12 patsiku, ndipo 6 ndiye abwino koposa. Ndani angathire masupuni 13 mu tiyi wake alendo akuona? Koma ine ndinkamwa, nsima ndikudyanso yonse, poti shuga wamadzi sakhutitsa. Kuti mphamvu ya botolo limodzilo ithe m'thupi, munthu wa msinkhu wanga ayenera kuthamanga makilomita atatu. Ine sindinkathamanga, ndipo mkanjo wa pa Eid unandithina pamimba.

Chomwe chinandipha dzino kwenikweni ndi kamwedwe. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi, chakumwacho chilinso ndi asidi wake, ndipo malovu amafuna theka la ola kapena kuposa kuti akonze zinthu. Ukamapsontha pafupipafupi, mano amakhala mu asidi usiku wonsewo. Choipanso, ndinkathamangira mswachi nditangomwa, kukwecha dzino lili lofewa. Zofunika ndi kuchukucha ndi madzi, mswachi ubwere pakatha mphindi 30. Mano akayamba kuchita dzanzi ndi madzi ozizira, dziwani kuti chikuto chake chayamba kuperepeseka.

Anyamata a mpira, ndimakuonani ndi zakumwa zija mumati zopatsa mphamvu musanalowe m'bwalo. Kachitini ka 250ml kamakhala ndi kafini ngati wa m'kapu ya khofi, ndiye ganizirani botolo lalikulu. Shuga akachuluka chonchi, madzi amachedwa kuchoka m'mimba, n'chifukwa chake ena mumagwira m'nthiti chigawo choyamba chisanathe. Kafini naye satha msanga: theka lake limakhala likadali m'magazi patapita maola asanu. Mukamwa 4 koloko madzulo, 9 koloko tulo kulibe, Fajr yakudutsani, m'kalasi mwanga mukuwodzera. Chonsecho minofu imachira munthu akagona.

Masewero a ola limodzi amangofuna madzi. Idyani nthochi kapena mbatata yophika kutatsala ola, mukamaliza mtedza ndi thobwa losathira shuga wambiri. Kwathu pano timafuturu ndi madzi ndi tende, ikasowa nthochi, kenako phala. Mwana wanga wamng'ono adakali wokwiya nane, ndipo tagwirizana botolo limodzi Lachisanu, pachakudya, kugawana anthu anayi.