Nyumba ya amayi m'masekondi 39

Zithunzi izi sitinazijambule kuti zikhale vidiyo. Zinali umboni chabe. Asisi anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndiwo anali kutumiza ndalama zomangira nyumba ya amayi papoloti yathu ku Chongwe. Aliyense amene anatumizapo ndalama kunyumba adziwa mmene mtima umakhalira: ufuna kuona kuti simenti yagulidwadi ndipo mabuloko akwera. Choncho womanga wathu anali kujambula pafupifupi tsiku lililonse la ntchito n'kutumiza pa WhatsApp. Ine ndinali kukwera minibasi Loweruka lililonse kuchoka ku Lusaka kukajambula zanga.

Tinayamba kukumba maziko mu Marichi 2023. Pamene malata anakhomedwa kumapeto kwa 2024, ndinali ndi zithunzi 640. Ndiye ndinaganiza zoziika pamodzi kuti zithamange motsatana, nyumba ioneke ikumera ngati chimanga. Ojambula amati taimulapusi. Ndinafuna kuonetsa amayi patsiku lolowa m'nyumba, ndipo ndinayesa kuti ndi ntchito ya usiku umodzi.

Vidiyo yoyamba inandichititsa chizungulire. Nyumba inali kudumpha uku ndi uku, ikule, ichepe, denga lioneke kenako lisowe. Kuwala kunali kuphethira ngati babu yotsala pang'ono kupsa.

Vuto la denga linali losavuta kulimvetsa: zithunzi sizinali mundondomeko. WhatsApp imachotsa tsiku limene kamera inalemba mkati mwa chithunzi, ndiye kompyuta inasakaniza za womanga ndi zanga. Chimene chinandipulumutsa ndi maina a mafayilo. Pafoni yanga chithunzi cholandira chimakhala ndi dzina ngati `IMG-20230314-WA0007.jpg`, ndipo manambala a pakatiwo ndi chaka, mwezi ndi tsiku limene chinafika. Ndinatsatira masikuwo, n'kulowetsa zanga za Loweruka pamalo pake.

Kudumpha kuja ndiko kunandivuta kwambiri. Womanga anali kuima paliponse pomwe wakonda, lero pageti, mawa pamulu wa mchenga. Inenso chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti kompyuta ingakonze zonse, koma pali malire. Ngati unaima pamalo amodzi, foni n'kungopendekeka pang'ono, chithunzi ungachisunthe ndi kuchizunguza mpaka chigwirizane ndi chinzake. Koma ukasuntha mapazi atatu kumanzere, zinthu zapafupi zimasuntha kwambiri kuposa zakutali. Yesani kuimika chala patsogolo pa nkhope, mutseke diso limodzi, kenako linzake, muone mmene chimadumphira. Ukalinganiza ngodya ya nyumba, mtengo wakumbuyo umathawa. Ukalinganiza mtengo, nyumba imathawa. Chithunzi chotere sichikonzeka.

Ndiye ndinayamba kutaya. Ndinachotsa zonse zojambulidwa foni itaima, chifukwa vidiyo inali yogona. Ndinachotsa zamkati mwa zipinda, zakumbuyo kwa nyumba, ndi zija womanga anayandikira kwambiri kuti aonetse matumba a simenti. Ndinasunga zokhazo zojambulidwa pafupi ndi geti, pomwe tonse awiri tinali kuima kawirikawiri chifukwa pali mthunzi wa mango. Zinatsala 420.

Kuzilinganiza ndinachita pamanja mu GIMP. Ndinasankha chithunzi chimodzi chooneka bwino kuti chikhale muyeso. M'menemo ndinafuna zinthu ziwiri zimene sizinasinthe kuyambira pachiyambi: mtengo wa malaiti kumanja, ndi thanki ya madzi ya aneba kumanzere. Nyumba yeniyeniyo sungailinganizire, chifukwa ndiyo ikusintha. Chithunzi chilichonse ndinali kuchiika pamwamba pa muyeso uja, n'kutsitsa `Opacity` kufika pa 50 kuti zonse ziwiri zioneke. Kenako kusuntha, kuzunguza, kukulitsa pang'ono, mpaka mtengo ukhale pa mtengo ndi thanki pa thanki. Pomaliza ndinali kudula m'mbali kuti zonse zikhale za saizi imodzi, 1920 kwa 1080. Zithunzi 20 pausiku, mausiku 21, osawerengera masiku amene malaiti anapita laputopu isanachaje.

Chotsatira chinali liwiro. Mafilimu amaonetsa zithunzi 24 pasekondi. Paliwiro limenelo zanga 420 zikanatha m'masekondi osakwana 18, amayi asanavale n'komwe magalasi. Ndinasankha 12 pasekondi, zomwe zinapereka masekondi 35. Nditayesa 6, vidiyo inali kutsimphina, diso n'kumaona chithunzi chimodzichimodzi. Mafayilo ndinawapatsa manambala kuyambira `0001.jpg`, ndipo ndinagwiritsa ntchito ffmpeg:

```
ffmpeg -framerate 12 -i %04d.jpg -vf deflicker -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p nyumba.mp4
```

Chenjerani pamanambala. Tsiku lina ndinafufuta `0137.jpg` osasintha maina a zotsatira, ndipo vidiyo inathera pomwepo, nyumba ili pasilabu. Nambala ikasowa, pulogalamu imayesa kuti zithunzi zatha. Liwu la `deflicker` limachepetsa kuphethira, poyerekeza kuwala kwa zithunzi zoyandikana. Linathandiza, koma silingasinthe mthunzi wa m'mawa kukhala wa madzulo. Mithunzi ikuvinabe mpaka lero.

Nditaonera vidiyo yokonzedwayo, panali malo ena amene sanandisangalatse. Zipupa zikafika pamawindo, nyumba imaima. Kwa masekondi awiri palibe buloko ngakhale imodzi imene ikwera. Udzu chabe ndiwo ukwera, wobiriwira, mpaka kutulukira pakhomo la chipinda cha amayi.

Imeneyo inali miyezi isanu, kuyambira Disembala 2023. Ntchito ya asisi inatha, ndalama zinaleka kubwera, womanga anapita kukagwira kwina. Ine ndinapitirizabe kupita Loweruka, makamaka kukaona ngati mafelemu a zitseko sanabedwe, ndipo ndinali kujambula mwachizolowezi. Zinali zithunzi 24. Panthawiyo panyumba sitinali kukamba za Chongwe. Amayi akamva wina afunsa, anali kusintha nkhani.

Ndinafuna kuzichotsa. Popanda izo nyumba ikanakwera bwinobwino kuchoka pansi mpaka kudenga. Ndinatumizira asisi mavidiyo onse awiri, ina ili ndi udzu, ina ilibe. Anandiimbira usiku womwewo.

“Iwe, udzu uja wauchotsa chifukwa chiyani?”

“Ndinaona ngati ukuchititsani manyazi, asisi.”

“Manyazi a chiyani? Ine miyezi ija ndinali kudya buledi na tiyi chabe. Ubwezere. Ndipo ithamanga maningi, munthu sangaone.”

Ndinachita zimene ananena. Chilichonse cha zithunzi 24 zija ndinachiika katatu motsatana, n'kulembanso manambala onse. Masekondi awiri anakhala 6, ndipo vidiyo yonse inafika pa 39. Tsopano woonera amadikira, amayamba kudabwa ngati foni yaima, kenako udzu umasowa, lintala n'kuonekera.

Patsiku lolowa, tinaonetsa vidiyo pa TV ya pabalaza, asisi ali pafoni. Ana anakuwa pamene denga linakwera m'kanthawi kochepa. Amayi sanakambe kanthu mpaka itatha. Kenako anati, “Bwezera paja pali udzu.” Tinaonera paja katatu.

Mwezi watha mnzanga wa ku koleji anagula poloti ku Kafue, ndipo anandifunsa pulogalamu imene ndinagwiritsa ntchito. Ndinamuuza kuti pulogalamu adzaifuna pakapita zaka ziwiri. Tinapita kukaona malowo, n'kusankha ngodya imene nyumba yonse ndi denga lake zidzakwana m'chithunzi, dzuwa la m'mawa lili kumbuyo kwake. Tinazika paipi yachitsulo m'konkire, yofika pachifuwa, ndi kathabwa pamwamba kokhazikapo foni itagona. Tinamuonetsa womanga wake, ndipo anagwirizana kuti azijambula 08:00 ikakwana. Ndinamuuzanso kuti ntchito ikadzaima, asadzaleke kujambula.